Mwana wotentha thupi: tilembe bwanji m'buku mwachidule koma osataya zofunika?

MA_wa_Kutsidya
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili pa kachipatala kena kuno kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo mvula ikangoyamba mzere wa ana otentha thupi umakafika panja pamtengo. Kusukulu anatiphunzitsa kulemba mbiri yonse, kuyambira mmene mwana anabadwira mpaka mtundu wa nyumba imene amagona. Ndikatero mwana mmodzi amatha masamba awiri a buku lake la kuchipatala, mzere osayenda. Anzanga ena amangolemba mizere itatu: kutentha thupi, mRDT yoyezera malungo yaonetsa, mankhwala a malungo a LA. Otiyendera ochokera kuboma akuti zonse ziwirizi ayi, tizilemba motsata mavuto a wodwala, ndi S, O, A, P.

Nayi nkhani ya lero. Mnyamata wa zaka 2 ndi miyezi 4, makilo 10. Thupi likutentha masiku atatu, akukhosomola. Masiku 12 apitawo anapatsidwa LA ndi mlangizi wa zaumoyo kumudzi, anakhala bwino pang'ono kenako n'kuyambanso. Ndamuyeza 38.6, akupuma ka 48 pa mphindi, zikhatho zatuwa, lamba woyezera mkono wa MUAC wafika 12.1, mRDT yaonetsa. Akumwa, akundiyang'ana bwinobwino. Inu mukanalemba bwanji kuti zikwane theka la tsamba?

Thabwa22
Malungo amenewo achimwene. mRDT yaonetsa, mpatseni LA, panado, wotsatira alowe. Kuno kuchigwa mwana wotentha thupi mu Januwale mukufuna mulembe chiyani china?

Namwino_wa_Wodi_ya_Ana
A Thabwa22, ana olembedwa choncho ndi amene timawalandira ife usiku ali wefuwefu. Mwana akupuma ka 48 inu simunaone?

Thabwa22
Ndaona asisi. Koma thupi likatentha mwana aliyense amapuma mofulumira. Onjezani kutentha kwa kwathu kuno, m'chipinda cha malata masana. Tikamati aliyense wa choncho ndi chibayo, amokisilini atha mwezi usanafike pakati.

Madala_wa_Ngabu
Mwana wanga MA_wa_Kutsidya, funso lako ndi labwino, ndipo mwana wabweretsayu ndi woyenera kuphunzirirapo chifukwa ali ndi mavuto anayi, osati limodzi.

Kalembedwe kameneka kanayamba ndi dokotala wa ku America, Lawrence Weed, amene analemba za iko mu 1968. Chimene chinkamuvuta iye ndi chomwechi chikukuvuta iwe: mafayilo odzaza mawu koma osaonetsa chimene wolembayo ankaganiza. Pa S umalemba zimene mayi wakuuza. Pa O zimene wapeza iwe ndi maso, manja ndi zida. Pa A chimene ukuganiza. Pa P chimene uchite. Anthu ambiri amaima pomwepo, n'kumaona ngati ndi mitu inayi yongodzazamo. Koma mtima wake uli pa A. Mavuto umawapatsa manambala, loopsa kwambiri poyamba, ndipo vuto lililonse limakhala ndi chochita chake pambali pake. Vuto lopanda chochita ndiye kuti waliiwala. Mankhwala opanda vuto lake ndiye kuti wangopereka.

Chachiwiri, vuto umalitchula pa mlingo wa zimene ukudziwadi. Mwanayu usalembe kuti malungo. Chimene uli nacho m'manja ndi mRDT yoonetsa pa tsiku la 12 chiyambireni LA. Mwina ndi malungo amene sanathe, mwina ndi zotsalira chabe m'magazi. Lemba momwemo.

M'buku timalemba m'Chingerezi ndi zidule zathu zija, koma pano ndilemba m'Chichewa kuti tonse titsatire:

Deti, nthawi, zaka 2 miyezi 4, 10 kg.
S: Kutentha thupi masiku 3, chifuwa masiku 3. LA masiku 12 apitawo kumudzi. Akumwa, sakusanza zonse, sanakomoke. Sakutsegula m'mimba, khutu silikuwawa.
O: Ali maso, akutsata ndi maso. 38.6. Kupuma 48 ali phee, nthiti sizikulowa, sakupuma mozama. Khosi lofewa, palibe totupa pakhungu. Zikhatho zotuwa pang'ono. MUAC 12.1, mapazi osatupa. mRDT yaonetsa.
A ndi P:
1. Chifuwa ndi kupuma mofulumira, chibayo chosaopsa. Amokisilini 500 mg kawiri pa tsiku masiku 5. Panado 150 mg thupi likatentha.
2. mRDT yoonetsa tsiku la 12 chiyambireni LA: malungo osatha kapena zotsalira? Magazi akaonedwe pa maikulosikopu.
3. Kutuwa: ayezedwe Hb, kuchuluka kwa magazi.
4. MUAC yachikasu: alembedwe ku gulu la zakudya, zione za HIV.
Abwerenso pakatha masiku 3, kapena nthawi yomweyo akasiya kumwa, akakomoka, akafooka kapena kupuma kukavuta. Mayi wauzidwa.
Dzina lako lowerengeka ndi udindo.

Zimenezi ndalemba potengera zimene wanena. Pamene ndalemba kuti khosi lofewa kapena nthiti sizikulowa, ngati sunaone, usakopere. Bwerera ukaone.

MA_wa_Kutsidya
Zikomo kwambiri madala. Khosi ndinaona, nthiti ndinaona, zinali bwino. Koma chondidabwitsa, mbiri ya katemera, ya kubadwa, ya pabanja, mwaitaya yonse. Sadzandifunsa otiyendera aja?

Madala_wa_Ngabu
Sindinaitaye. Ufunse, utsegule tsamba la katemera ndi la sikelo, uone. Koma zimene zili kale m'buku lomwelo sukopereranso. Umangolemba chimene chikusintha ganizo lako lero. Mwanayu akanakhala kuti sanabayitse katemera wa chikuku ndipo ali ndi maso ofiira, chimenecho chikanalowa pa S chifukwa chikukhudza kutentha thupi kwa lero. Akanakhala kuti waphonya katemera, likanakhala vuto la nambala 5. Koma zoti anabadwira kuchipatala ndipo analira pobadwa, kwa mwana wa zaka ziwiri wa chifuwa cha masiku atatu, sizikusuntha kanthu.

Wa_Labu
Ndilowererepo pa nambala 2, poti ndi ntchito yanga. Ka mRDT kamene timagwiritsa ntchito sikaona tizirombo tamoyo ayi. Kamagwira chinthu china chimene tizirombo timasiya m'magazi, chotchedwa HRP2, ndipo chimenechi chimatha kukhalabe milungu ingapo mwana atachira kale. Ndiye mwana amene anamwa LA masiku 12 apitawo, mRDT ikaonetsa sindidabwa konse. Imatha kuonetsa ngakhale mankhwala anagwira bwino ntchito. A WHO amati malungo akabwerera masiku 28 asanathe, tiganizire kuti mwina mankhwala sanagwire, ndipo chotsimikizira ndi maikulosikopu, osati mRDT ina.

Chondipweteka ine n'chakuti kapepala kamabwera ku labu kalibe mawu oti mwana anamwa LA posachedwa. Kapena kufika pa ife mwanayo atayezedwa mRDT katatu m'malo atatu, ndipo malo onse anamupatsa LA, pamene chikumudwalitsa ndi china. Mawu ochepa aja oti "LA masiku 12 apitawo" ndi amene amadula mzere umenewo.

Thabwa22
Chabwino a Labu, koma maikulosikopu ali kuti kutsidya? Mvula ikagwa bwino msewu umaduka, mitsinje yochokera kumapiri a Thyolo imadzaza. Mayi alipire njinga yamoto kuti akaonetse magazi? Ine ndingapereke mankhwala basi.

Mlangizi_Kumudzi
Ndiyankhuleko ine amene ndimapereka LA woyambayo kumudzi. Pa S paja pakusowa kanthu, madala mundikhululukire. Mukafunsa mayi kuti "anamaliza mankhwala?" aliyense amati eya. Palibe mayi angakane pamaso pa dokotala. Funsani mwina: anali mapilitsi angati, ankamwa nthawi yanji, analavula kapena kusanza kangati, atsala angati kunyumba? Mwana wa makilo 10 amayenera kumwa piritsi limodzi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 6. Timaona kawirikawiri thupi likazizira tsiku lachiwiri mayi amasunga otsalawo, kapena amagawira mng'ono wake amene wayambanso kutentha. Komanso LA amafuna mwana adye kapena ayamwe kuti alowe bwino m'thupi. Mwana amene anamwa atatu okha ndi wosiyana ndi amene anamwa onse 6, ndipo nambala 2 yanuyo imasintha kulemera kwake.

Madala_wa_Ngabu
Mwanena zoona a Mlangizi, pamenepo munditsogolere ndinu. Mzerewo ukhale "LA masiku 12 apitawo, akuti anamwa 6 mwa 6, sanasanze", kapena mmene zilili. Ndi mawu ochepa koma amanyamula katundu.

Mai_a_Chiku
Pepani ndangoona mutu wa nkhani. Mwana wanga wa miyezi 9 watentha thupi kuyambira dzulo usiku, akukana bere, wangogona. Ndimupatse panado wochuluka bwanji? Kapena ndigule LA kugolosale?

Namwino_wa_Wodi_ya_Ana
Amayi, musagule chilichonse, musadikirenso mayankho pano. Mwana wokana bere ndiponso wongogona ndi wofunika kuonedwa lero lomwe, panopa. Mubereke mupite kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mutenge buku lake, ndipo mukafika musakhale pamzere. Uzani namwino kapena aliyense wa yunifolomu kuti mwana sakuyamwa. M'njira muziyesa kumuyamwitsa, musamufunditse zambiri.

Mai_a_Chiku
Zikomo, tikunyamuka.

Namwino_wa_Wodi_ya_Ana
Muyende bwino amayi, mudzatiuze.

Tibwerere ku nkhani yathu. Ine ndili mbali yolandira, ndiye ndikuuzeni chimene timafuna tikatsegula buku usiku. Tinalandirapo mwana wochokera ku chipatala china chaching'ono, sinditchula. M'buku munali mawu akuti malungo aakulu, atesuneti waperekedwa, atumizidwe. Basi. Nthawi palibe, mlingo palibe, kulemera kwa mwana palibe. Atesuneti timabaya poyamba, kenako pakatha maola 12, kenako pa maola 24. Popanda nthawi ya jakisoni woyamba, wachiwiri ndimubaye liti? Agogo amene anabwera naye ankangoti "anamubaya dzuwa lili apa." Mlingonso umatengera sikelo: mwana wosafika makilo 20 ndi 3 mg pa kilo, woposa pamenepo ndi 2.4 mg pa kilo. Osalemba kulemera, sindingadziwe ngati analandira wokwanira.

China ndi mawu ongoti "wafooka." Kufooka kwake kotani? Tili ndi muyezo wa Blantyre, umene unapangidwira konkuno ku Malawi, wochokera pa 0 kufika pa 5. Mukalemba 4 nthawi ya 3 koloko masana, ine n'kupeza 2 nthawi ya 8 koloko usiku, ndadziwa kale kuti mwana akutsika ndipo ndithamange. Mukalemba kuti wafooka, ndilibe poyerekeza. Shuga wa m'magazi chimodzimodzi, lembani nambala ndi nthawi, ndipo ngati munalibe choyezera lembani kuti sanayezedwe.

Ndiye kufupikitsa ndikugwirizana nako. Koma dulani mawu, manambala musadule.

Clinician_Bangula
Ine ndili ndi vuto ndi S ya madala. Bwanji kulemba "akumwa, sakusanza zonse, sanakomoke" chimodzichimodzi? Tonse timadziwa zizindikiro zoopsa za IMCI, ndondomeko yoonera ana odwala. Ingolembani "palibe zizindikiro zoopsa," mwamaliza. Pa ana ochuluka chonchi masekondi amenewo amawerengedwa.

Namwino_wa_Wodi_ya_Ana
Mawu amenewo dzanja limalemba lokha mutu uli kwina. Ndaonapo "palibe zizindikiro zoopsa" pa mwana amene mayi ake akundiuza kuti anakomoka kawiri m'mawa womwewo.

Clinician_Bangula
Ndiye vuto ndi munthuyo asisi, osati kalembedwe. Wabodza adzalembanso "sanakomoke" osafunsa.

Madala_wa_Ngabu
Zoona, wosafunsa salembedwa bwino ndi kalembedwe kalikonse. Koma ine ndimakondabe kuzitchula, pa zifukwa ziwiri. Polemba "sanakomoke" pakamwa pamakakamizika kufunsa, makamaka madzulo munthu utatopa. Komanso mawa mwanayo akakomoka, wowerenga adziwa kuti ndi chatsopano, dzulo kunalibe. Zizindikirozo ndi zochepa: kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka kwambiri kapena kusadzuka. Pa mwana wotentha thupi onjezapo khosi louma. Mzere umodzi zakwana.

Ndipo pa kukomoka samalani mafunsidwe. Mayi wina amati mwana anakomoka pamene ankangonjenjemera ndi kuzizidwa, wina sanena chifukwa kunyumba anauzidwa kuti zimenezo ndi za kwa asing'anga. Mufunseni akuonetseni mmene mwana anachitira, maso anapita kuti, anamva kuitana kapena ayi.

Clinician_Bangula
Ine ndipitirizabe kulemba mwachidule changa pa ana amene akusewera m'chipinda. Pa amene akuoneka odwala, ndavomera.

Nyakwawa_wa_Marka
Mafunsidwe mwanenawo ndi nkhani ndithu kuno kumalire. Ambiri amene timaona ndi olankhula Chisena, ena awoloka kuchokera ku Mozambiki, alibe buku lathu, ali ndi kakhadi kakwawo ka m'Chipwitikizi kapena alibiretu kanthu. Wachipatala wochokera ku Lilongwe akafika amangogwedeza mutu n'kulemba zimene akuganiza kuti wamva. Ine ndimati ngati wamasulira ndi wina, kapena wabweretsa mwana si mayi wake koma agogo kapena mlongo wake, zilembedwe pa S. Mbiri yochokera kwa munthu amene sanagone ndi mwanayo usiku siyofanana ndi ya mayi.

Mlangizi_Kumudzi
Za mabuku musanene. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 mabuku ambiri anapita ndi madzi, ena anatsala ngati phala. Mpaka lero ena akubwera ndi kope la kusukulu lodula pakati. Ife timawauza kuti azisunga mu pulasitiki ya shuga n'kupachika kudenga.

Thabwa22
Kwathu anayamba kale ndi madzi a 2015. Amayi ena ali ndi mabuku atatu a mwana mmodzi, lina kwa agogo, lina linanyowa, lina latsopano.

Nyakwawa_wa_Marka
Ndipo ena amagula latsopano dala akaona kuti lakale lalembedwa zimene sakufuna apongozi aone.

Clinician_Bangula
Apo mwakhudza nambala 4 ya madala. "Zione za HIV" m'buku limene limagwiridwa ndi aliyense pakhomo? Ine zimandivuta.

Madala_wa_Ngabu
Zimandivutanso ine. Koma mwana wa chibayo, wotuwa, wa lamba wachikasu, kusafunsa za HIV ndi kumulakwira. Ndimayamba ndaona ngati bukulo likuonetsa kale pamalo pake. Ngati palibe, ndimakambirana ndi mayi payekha, ndipo cholemba changa chimangoti atumizidwa kukayezedwa. Zotsatira zimalembedwa pamalo ndi m'njira imene achipatala anakonza, osati ndi zilembo zikuluzikulu pakati pa tsamba.

Za mabuku otayika zija zikutiphunzitsanso kanthu pa funso la mwana wathu MA. Cholemba cha lero chiziima pachokha. Zaka, kulemera, ndi mankhwala amene wamwa posachedwa zikhalepo nthawi zonse, ngakhale ukuona ngati zili patsamba lam'mbuyo, chifukwa tsamba limenelo mawa likhoza kusakhalapo.

MA_wa_Kutsidya
Ndikutsatira. Koma funso la a Thabwa22 silinayankhidwe bwino, ndipo inenso limandizunguza. Kupuma ka 48 pa thupi la 38.6, ndi chibayodi kapena ndi kutentha chabe?

Madala_wa_Ngabu
A Thabwa22 sananame kuti kutentha thupi kumafulumizitsa kupuma. Kulira nakonso, mantha nawonso. N'chifukwa chake ndinalemba kuti "48 ali phee," ndipo ndinaika pafupi ndi 38.6, kuti wowerenga aone ziwirizo pamodzi. Uwerenge mphindi yathunthu, wotchi ili m'manja, mwana ali pamiyendo pa mayi ake, usanamubaye chala. Ukayamba ndi mRDT, kupuma sudzawerenganso. Malire ake ukuwadziwa: ka 50 kapena kuposa kwa wa miyezi 2 mpaka asanakwanitse chaka, ka 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5. Wakoyu ali pa 48 pamene malire ndi 40, ndipo akukhosomola. Sali m'mphepete ayi.

Ukakhala ndi mpata, mpatse panado, akhale panja pamthunzi, uwerengenso thupi litazizirako, ulembe manambala onse awiri ndi nthawi zake. Akatsika kufika 34 nkhani yasintha. Akakhalabe pamwamba pa 40 wapeza yankho. Koma ngati mpata palibe, ndondomeko ya IMCI imati chifuwa ndi kupuma mofulumira tichite ngati chibayo, ndipo ine pa mwana wowonda chonchi, wokhala kutali, sindingamubweze wopanda amokisilini.

Chimene ndikufuna usaphonye ndi kusiyana kwa kupuma mofulumira ndi kupuma mozama. Mwana wa malungo aakulu kapena wochepa magazi kwambiri amapuma mokoka, mozama, chifuwa chili choyera ukamvetsera. Ameneyo si wa amokisilini ndi kubwerera kunyumba, ndi wotumiza msanga. Pa mwana wotuwa amene mRDT yaonetsa, mawu oti "sakupuma mozama" ndi amene akuonetsa kuti unaganizapo za zimenezi. Ngati muli ndi kachida kapachala koyezera mpweya, lembanso nambala yake. Pansi pa 90 sapita kunyumba.

Thabwa22
Pa chibayo ndamva madala. Koma pa nambala 2 sindinasunthe. Mwana wotentha thupi, wotuwa, mRDT yoonetsa, kuchigwa, nthawi ya dzinja, ndimusiye wopanda mankhwala a malungo podikira maikulosikopu amene mwina sakafikako? Akafa ndi malungo usiku ndidzati chiyani?

Wa_Labu
Ndipo mukamupatsa LA yemweyo amene mwina walephera kale, mwamuthandiza chiyani? Ngati alidi malungo osatha, mankhwala ake ndi ena, a mzere wachiwiri.

Thabwa22
Amene pa kachipatala kakang'ono nthawi zambiri sapezeka.

Madala_wa_Ngabu
Apa sindikupatsani yankho limodzi, chifukwa zimatengera mtunda, msewu tsiku limenelo, zimene zili mu famase yanu, ndi mmene mwana akuonekera. Imbirani foni wamkulu wanu kuboma mugwirizane. Chimene ndikuumirira n'chakuti chilichonse mwasankha, chifukwa chake chilembedwe. Mwachitsanzo: "2. mRDT yoonetsa tsiku la 12, anamwa 3 mwa 6. Maikulosikopu sangatheke lero, msewu waduka. LA wabwerezedwa, woyamba wamwera pano 11 koloko. Akaonetse magazi msewu ukatseguka kapena thupi likapanda kuzizira." Wobwera pambuyo panu akhoza kutsutsana nanu, koma adziwa pamene munaima ndi chimene chatsala. Mukangolemba "malungo, LA," funso lija lafafanizika, ndipo mwana adzayezedwanso mRDT kwina n'kupatsidwanso LA kachitatu.

Namwino_wa_Wodi_ya_Ana
Ndionjezepo pa nambala 3. "Kutuwa" kukhale ndi mlingo: pang'ono kapena kwambiri. Zikhatho zoyereratu ndi zotumiza lero, osadikira Hb. Hb yosafika 5 mwana amafuna magazi, ndipo magazi sapezeka pa chipatala chaching'ono. Ulendo wochokera kutsidya kudzera pa Thabwa kukafika ku Chikwawa, kapena kukwera mapiri kupita ku Gulupu, si wa mphindi zochepa, ndiye ganizo lotumiza lizichitika dzuwa likadali m'mwamba.

Mai_a_Chiku
Ndabwera kudzathokoza. Anatigoneka, akumubaya jakisoni, wayamba kuyamwa pang'ono.

Nyakwawa_wa_Marka
Mulungu athandize amayi. Musatuluke asanakuuzeni, ndipo mapilitsi amene adzakupatseni potuluka amalize onse.

MA_wa_Kutsidya
Ndikudziwitseni za mnyamata uja. Msewu unali bwino, bambo ake anapita naye pa njinga kukaonetsa magazi tsiku lomwelo. Ndinafunsanso monga ananenera a Mlangizi, mayi akuti anamwa onse 6 koma limodzi analavula. Abwera lero, tsiku lachitatu, ndipo ndalemba chonchi, ndi manambala omwe aja:

S: Thupi lazizira kuyambira dzulo, chifuwa chachepa, akudya. Amokisilini akumwa, mapilitsi a 250 mg atsala 8 mwa 20.
O: 37.1, kupuma 34 ali phee, nthiti sizikulowa, 10 kg.
1. Chibayo: akuchira. Amalize amokisilini.
2. Maikulosikopu: tizirombo sitinaoneke. Mankhwala a malungo sanapatsidwe. Thupi likatenthanso mwezi uno, maikulosikopu osati mRDT.
3. Hb 7.9: mankhwala owonjezera magazi, alubendazo 400 mg poti sanalandire miyezi 6 yapitayi. Aonedwenso pakatha masiku 14.
4. MUAC 12.1: walembedwa ku gulu la zakudya, watumizidwa kukayezedwa.

Zakwana mizere khumi. Mukuona bwanji?

Madala_wa_Ngabu
Walemba bwino mwana wanga, makamaka posasintha manambala a mavuto. Amene adzatsegule pa tsiku la 14 adzangotsata 3 ndi 4 osawerenga zonse. Chimodzi chokha: pa nambala 3 tchula dzina la mankhwalawo, mlingo wake ndi masiku ake, monga unachitira ndi alubendazo. Ndipo lemba deti lenileni lobwerera, osati "masiku 14," chifukwa mayi akapita kwa mlangizi kumudzi, iye amafuna deti.

Wa_Labu
Nambala 2 musaitsekeretu ndi loko. Kuona kamodzi osapeza tizirombo sikutanthauza kuti mulibiretu, makamaka tikakhala tochepa. Poti thupi lazizira popanda mankhwala a malungo, ndikuvomereza kuti zinali zotsalira. Koma mwalemba bwino kuti likatenthanso abwerere ku maikulosikopu.

Thabwa22
Uyu zayenda chifukwa bambo anali ndi njinga ndipo msewu unalipo. Mu Febuluwale madzi akadzaza ku Makhanga, anthu akuyenda pa bwato, nambala 2 ija mudzailemba mwina. Ine ndikufunabe a kuboma atiuze poyera chochita pa mwana wotere pamene maikulosikopu palibe, tisamangoimbirana mafoni.

Clinician_Bangula
Pa msonkhano wotsatira wa otiyendera tikafunse limodzi. MA_wa_Kutsidya, ubweretse zolemba zako ziwirizo, ufufute dzina la mwana ndi mudzi wake, tikazione pamodzi ndi za ine zazifupi zija.